Kukana Kosadula Chibale

  Ndikhulupirira kuti ntchito za lero mwaziika pansi, ndipo ndikupemphani kuti musendere pafupi ndi wailesi, pakuti nkhani imene ndabwera nayo madzulo ano ndi yofuna kuimva awiriawiri, bambo ndi mayi a pakhomo.

Nkhani yake ndi iyi. Mbale wanu akukwatira kapena akukwatitsa mwana, ndipo akupemphani ndalama zambiri zothandizira ukwatiwo, zoposa zimene nyumba yanu ingathe kutulutsa. Mudzamuyankha motani kuti mukane pempholo koma chibale chikhalebe chathunthu?

Inu mukudziwa mmene pempho lotere limafikira masiku ano. Zokolola zikalowa m'nkhokwe ndipo nyengo ya maukwati ikayamba, achibale a mkwati ndi a mkwatibwi amasankha komiti, komitiyo imakhala pansi n'kuwerengera mtengo wa holo, chakudya, keke, zovala za operekeza, magalimoto, wojambula zithunzi ndi woimba nyimbo. Ndipo popeza maukwati a m'dera lathu lino la Chongwe, limene lili pakhomo penipeni pa Lusaka, atengera makhalidwe a m'tauni, phwando silikhalanso limodzi ayi, koma pamakhala chilanga mulilo, mwambo umene tinatengera kwa anzathu Achibemba, pamakhala khichini pate ya amayi, kenaka tsiku lenileni la ukwati, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi thumba lake lofuna kudzazidwa. Akatha kuwerengera amagawa mtolowo pa mayina a abale. Inu mumangomva foni kulira, kapena mwana akubweretserani khadi, ndipo pafupi ndi dzina lanu mupeza palembedwa kale chiwerengero chimene simunafunsidwe.

Mfundo yanga madzulo ano ndi imodzi, ndipo ndidzaibwereza kuti ikhazikike: kukana kwachifundo ndi kukana kofulumira ndi komveka, kotchula chimene simungathe, kotchulanso chimene mungathe. Ndiyamba ndi kufotokoza chifukwa chake kuvomera ndi pakamwa pokha kumapweteka koposa kukana. Pambuyo pake tidzatsata munthu mmodzi, kuyambira pamene alandira pempho kufikira pamene apereka yankho, ndipo yankholo ndidzakuwerengerani lonse. Potsiriza tidzaona chochita ngati opemphawo aumirira kapena akhumudwa.

Tiyambe tsono ndi kuvomera kwa manyazi. Ambiri a ife, tikapemphedwa chinthu chotilemera ndi munthu amene timam'konda, timathawira ku mawu ofewa: "tiona," "Mulungu akalola," "musade nkhawa, mwezi ukatha." Timayesa kuti tachita ulemu, ndipo pa ola limenelo nkhope zonse zimakhaladi zowala. Koma taganizirani chimene chimachitika mlembi wa komiti akabwerera kwawo. Iye salemba kuti "tiona" m'buku mwake. Amalemba chiwerengero chija ngati ndalama yolonjezedwa. Msungichuma amaphatikiza malonjezo onse, ndipo potsamira pa malonjezowo komiti imakalipira chikole cha holo, imauza ophika kuchuluka kwa mbale, imasindikiza makhadi a alendo. Chikole chotere kawirikawiri sichibwezedwa. Ndiye kuti pa "tiona" wanu pamangidwa zinthu zimene sizingagumulidwe popanda kutaya ndalama. Sabata yomaliza ikafika, foni yanu ili yozima, thumba laperewera, ndipo mnyamata amene mawa lake ayenera kuimirira pamaso pa mpingo akuyendayenda kufuna munthu wa kaloba, kuti akongole ndalama imene chiwongoladzanja chake chidzakula mwezi ndi mwezi m'nyumba yake yatsopanoyo. Mukanamuuza zoona miyezi iwiri m'mbuyomo, akanachepetsa alendo, akanasankha holo ya tchalitchi m'malo mwa ya m'tauni, ndipo akanalowa m'banja wopanda ngongole.

Akulu anati manyazi anapha lambe, ndipo anatinso lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mfumu Herode inalonjeza pa phwando, pamaso pa alendo, isanadziwe chimene idzapemphedwa, ndipo pochita manyazi ndi alendowo inachita choipa chimene mtima wake sunafune. Mukumbukiranso fanizo la ana awiri amene atate wao anawatuma kumunda wa mphesa: amene anavomera ndi pakamwa koma osapita sindiye anayamikiridwa. Chifukwa chake ndinena mosabisa kuti munthu wovomera chimene akudziwa kuti sadzachita wadziteteza yekha ku manyazi a tsiku limodzi, ndipo mtolo wausiya pa mutu wa mbale wake.

Tsono tiyeni titsate munthu mmodzi. Sinditchula dzina, pakuti ndi chitsanzo chabe, koma ndikhulupirira kuti ambiri mudzazindikiramo nyumba yanu. Tiyerekeze mlimi wa ku Kanakantapa, bambo wachikulire wa banja lake, amene mwana wa mlongo wake amagwira ntchito ku Lusaka ndipo akukwatira mu Novembala. M'mwezi wa Seputembala uthenga ufika wakuti komiti yaika amalume pa K5,000.

Chinthu choyamba chimene bamboyu achita ndi kusayankha pomwepo za ndalama. Ayamikira uthengawo, akondwera ndi mbiri ya ukwati, nanena kuti adzapereka yankho pofika Loweruka, atakambirana ndi mayi a kunyumba. Taonani kuti watchula tsiku. Kupempha nthawi ndi tsiku lodziwika ndi ulemu. Kupempha nthawi popanda tsiku ndi "tiona" yemwe uja atavala malaya ena.

Usiku umenewo akhala pansi ndi mkazi wake, pakuti chimanga cha m'nkhokwe analima awiri, ndipo mwamuna wolonjeza chuma cha pakhomo mkazi wake asakudziwa amakonza ukwati wa wina pogwedeza wake. Powerengera, sayamba ndi funso lakuti abale adzanena chiyani. Ayamba ndi kusandutsa ndalamayo kukhala chinthu chimene maso a mlimi amachidziwa. M'chaka cha 2024 bungwe la FRA linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K330. Pa mtengo wonga umenewo, K5,000 ndi matumba ngati khumi ndi asanu. Imvani bwino: matumba khumi ndi asanu. Akatero afunsana kuti, kodi tikatulutsa matumba amenewa, otsalawo adzatifikitsa ku zokolola zina? Nanga mbewu ndi feteleza? Pakuti ukwati wa mu Novembala umagwa pa nyengo yomweyo imene mlimi afunika kupereka K400 yake ya FISP, kugula feteleza woonjezera pa mtengo wa m'sitolo, ndi kulipira olima ndi ng'ombe kapena thirakitala. Ife a m'dziko la Asoli tili ndi chotikumbutsa chaka ndi chaka: mfumu yaikulu, a Nkomeshya Mukamambo II, akatsogolera mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula, aliyense amadziwa kuti nthawi yobzala yayandikira ndipo mbewu iyenera kukhala ili m'nyumba. Ndipo ndani wa ife waiwala chilala chija, chimene mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, anachilengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse? Amene anaona chimanga chikuuma chisanabereke sangayesedwe woumira akasunga matumba owerengeka a tsiku loipa. Ndidyeretu chire anasowa mbewu.

Atawerenga zonse, apeza kuti popanda kukongola ndiponso popanda kukhudza ndalama ya munda angathe kupereka K1,000, mbuzi imodzi ya m'khola ndi thumba limodzi la chimanga, ndipo mayi adzipereka kukonza munkoyo wa alendo ndi kukhala pa moto tsiku la phwando. Amenewa ndiwo malire ao, ndipo awapeza asanalankhule ndi wina aliyense. Munthu wopita kukakana asakudziwa malire ake amabwerako atavomera.

Pano ndiime pang'ono, pakuti ndikumva wina akuti: "Koma ameneyu ndi malume, mwini mbumba, angakane bwanji?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Pa mwambo wathu malume ali ndi udindo pa ukwati wa mwana wa mlongo wake umene sangautule pa wina: kudziwa banja limene mwanayo akulowa, kuimirira kapena kutuma nkhoswe pa zokambirana za mbali ziwiri, kulangiza, ndi kukhala khomo logogodapo banjalo likadzagwedezeka usiku. Zimenezi akazikana, wakanadi chibale. Koma holo ya ku Lusaka, magalimoto okongoletsedwa ndi keke yosanjikiza si mbali ya udindo umene makolo anam'siyira. Ndi zokoma zimene eni phwando asankha, ndipo ali ndi ufulu wozisankha, monga iyenso ali ndi ufulu wonena pamene mphamvu zake zalekezera. Yankho labwino limalekanitsa ziwirizi poyera, kuti wolimva adziwe kuti chakanidwa ndi chiwerengero, osati iye mwini.

Tisanamve yankholo, tione kaye kumene liyenera kuperekedwa, pakuti mawu abwino onenedwa pa malo olakwika amasanduka chipongwe. Makomiti ambiri masiku ano amatsegula gulu la pa WhatsApp, m'mene muli abale a mbali zonse, anzake a kuntchito ndi a kumpingo. M'menemo si mokanira. Mukakana m'menemo mwachititsa manyazi mkwati pamaso pa apongozi ake, ndipo mwapatsa ena njira yothawira amene akanatha kupereka. Musatumenso mwana kukanena, ndipo musauze wachibale wachitatu ndi chiyembekezo chakuti mbiri idzafika yokha, pakuti idzafika itasintha maonekedwe. Malume wathuyu ayamba ndi mlongo wake, mayi wa mnyamatayo, maso ndi maso ngati ali pafupi. Pambuyo pake alankhula ndi mnyamata mwini wake, ndipo popeza ali kutali, amuimbira foni kapena kum'lembera kalata. Komiti idzamva pomaliza, ndipo idzangomva chimene chiperekedwe.

Tsopano tcherani khutu, ndikuwerengereni yankho lake.

"Wokondedwa mphwanga, ndikupatsa moni pamodzi ndi mayi akuno, amene akondwera nane pakumva kuti tsiku la ukwati wako ladziwika. Takuona ukukula, takuona ukugwira ntchito ndi manja ako, ndipo tsopano ukumanga nyumba yako mwa njira yolongosoka. Pa ichi tiyamika Mulungu. Ndayamikiranso kuti pokonza zimenezi sunandilambalale, koma unandiwerengera monga kholo lako.

"Za K5,000 imene komiti yaika pa dzina langa, ndikuuza zoona lero lomwe, nthawi ikalipo, kuti ungadzatsamire pa ine n'kugwa: ndalama imeneyi sindingathe kuipereka. Ukwati wako wagwa pa nyengo ya mbewu ndi feteleza, ndipo ndikatulutsa ndalama yotere munda wa chaka chino sulimidwa. Uuze akomiti achotse chiwerengerocho pa dzina langa, kuti awerengere ndi zimene zilipodi.

"Chimene ndingathe ndi ichi. Ndikutumizira K1,000 Lolemba likudzali. Mbuzi imodzi ndi thumba la chimanga zili pano. Unene tsiku limene zidzafunike ndi amene adzazitenge. Mayi akuno adzakonza munkoyo ndipo adzafika dzulo lake la ukwati kudzathandiza ophika. Pa zokambirana ndi akuchikazi ndidzakhalapo monga malume wako, ndipo pa tsikulo udzandiona pa mpando wanga. Khomo langa ndi lako, lero ndi masiku onse a banja lako. Ndine malume wako."

Ndilo yankho lonse, omvera athu, ndipo mwaona kuti si lalitali. Tiyeni tibwereremo pang'onopang'ono, tione chimene chili m'kati ndi chimene chasiyidwa dala.

Layamba ndi chimwemwe, ndipo chimwemwecho ndi choona. Mnyamata amene wapempha ali ndi mantha ake. Akudziwa kuti wapempha zambiri, ndipo khutu lake likudikira kumva ngati amalume aipidwa naye. Mawu oyamba amuchotsa mantha amenewo. Koma taonani kuti moni sunatalike kufikira kukwirira nkhani. Pamene moni watha, kukana kwabwera m'mawu amodzi osapsatira: sindingathe kuipereka. Sananene kuti "zikuoneka zovutirapo," kapena "ndiyesetsa," pakuti mawu otere munthu wosowa amawamva ngati khomo lotseguka, ndipo adzabweranso sabata yamawa, ndi inayo, kufikira onse awiri atatopetsana.

Chifukwa chaperekedwa chimodzi, ndipo ndi choona. Pano ambiri timaphonya m'njira ziwiri. Ena amaunjika zifukwa, za matenda, za sukulu, za denga lodontha, za ng'ombe yakufa, mpaka womvera ayamba kukayika zonse, kapena ayamba kuzichotsa chimodzichimodzi monga wozenga mlandu: "Nanga sukulu si yaulere masiku ano?" Ena amapeka bodza, nati alibe ngakhale ngwee, koma mwezi wotsatira aoneka pa msika wa Chongwe akugula malata, ndipo bodza limenelo lidzakumbukiridwa zaka zambiri ukwati utaiwalika. Simuli wokakamizidwa kutsegula buku lanu lonse la chuma pamaso pa mbale wanu. Mungathe kungonena kuti nyumba yanu singathe chaka chino. Koma chimene mwasankha kunena chikhale choti mungachibwereze pamaso pa aliyense osagwetsa nkhope.

Chimene chasiyidwa ndi ulaliki. Malumeyu mwina mumtima mwake akuona kuti phwandolo lakula mopitirira, kuti alendo achuluka, kuti makolo athu anakwatirana ndi nkhuku ndi mtanga wa ufa ndipo mabanja ao anakhalitsa. Mwina akunena zoona. Koma tsiku lokana si tsiku lophunzitsa, pakuti uphungu wotuluka pakamwa pomwe patuluka kukana umamveka ngati chodzikhululukira, ndipo mnyamatayo adzangomva kuti amalume am'mana ndalama, am'nyozeranso mkazi ndi phwando lomwe. Ngati mnyamatayo afunsa yekha kuti, "Nanga amalume, ndichepetse pati?" pamenepo khomo latseguka, ndipo mungam'thandize kuona kuti kuchepetsa alendo ndiko kumatsitsa mtengo koposa zonse, popeza mbale, mipando, zakumwa ndi kukula kwa holo zonse zimatsata chiwerengero cha anthu. Koma adzifunsire yekha.

Ndipo chomaliza, chimene chimapatsa yankholi mphamvu yake: choperekedwacho chatchulidwa ndi dzina ndi tsiku. K1,000, Lolemba. Mbuzi, thumba, munkoyo. Sananene kuti "ndidzathandiza m'njira zina," pakuti msungichuma sangalembe "njira zina" m'buku. Ndipo Lolemba likafika, ndalamayo ipite m'mawa, isadikire kukumbutsidwa. Chochepa chofika pa tsiku lake chimatsimikizira kuti kukana kuja kunachokera m'kusowa, osati m'kuuma mtima. Koma chochepa chomwecho chikachedwa, chimatsimikizira zonse zoipa zimene anthu anayamba kuganiza.

Ndibwereze tsono mfundo yathu, kwa inu amene mwatsegula wailesi tili pakati: kukana kwachifundo ndi kukana kofulumira ndi komveka, kotchula chimene simungathe, kotchulanso chimene mungathe.

Tifike ku gawo lotsiriza, la zimene zimatsata. Musayembekeze kuti yankho labwino lidzalandiridwa ndi nthungululu. Kawirikawiri pamabwera pempho lachiwiri: "Amalume, ngakhale theka lokha." Pamenepa pakufunika kufatsa ndi kulimba pamodzi. Bwerezani mawu omwe aja, ndi chikondi chomwecho, osaonjezera chifukwa chatsopano: "Mphwanga, ndakumva, ndipo ndikudziwa kuti mtolo wakulemera, chimene ndingathe ndi chomwe ndinanena chija." Mukakweza chiwerengero chifukwa choumirizidwa, mwaphunzitsa banja lonse kuti mawu anu oyamba sakhala omaliza, ndipo pa ukwati wotsatira adzayamba ndi kuumiriza. Wina adzati, "Kongolani, mudzabweza mukakolola," kapena, "Tengani ya chilimba mwezi uno." Ndalama ya chilimba ndi yanu ndithu, ndipo ngati inalibe ntchito ina mungaipereke, koma ngati munaiikira feteleza, kuipereka ndi kudya mbewu komwe kuja. Za kaloba ndiye ndinenetsa: musakongole pa chiwongoladzanja kuti mulipirire phwando la tsiku limodzi, ngakhale la mwana wanu wobala.

Pali nkhani imodzi yovuta koposa, imene sindifuna kuilambalala. Bwanji ngati banja lomwe likupemphali ndilo linakunyamulani pamene munakwatitsa mwana wanu? Kupatsa ndi kuika, ndipo iwo anaika kwa inu. Pamenepa yankho lija silikwanira lokha, pakuti mukangokhala chete pa chimene munalandira, iwo sadzakhala chete mumtima. Chitchuleni inu poyamba. Nenani kuti, "Sindinaiwale chimene munandichitira pa ukwati wa mwana wanga, ndipo chikundiwawa kuti lero sindingafike pa muyeso umenewo." Ndipo pamenepa n'koyenera kudzitambasula koposa mmene mukanachitira kwa wina: ngati mbuzi zili ziwiri, zipite zonse, ngati muli ndi ngolo, ikatute nkhuni ndi madzi, ngati mukuona kuti mukakolola mudzatha, lonjezani matumba owerengeka a banja latsopanolo m'mwezi wokolola, pakuti nyumba yatsopano imasowa ufa koposa mmene inasowera keke. Koma lonjezo limenelo likhale laling'ono, loti mungalikwanitse ngakhale mvula itavuta.

Mudzadziwa bwanji kuti yankho lanu lagwa pabwino? Musayang'ane mawu a tsiku loyamba, pakuti munthu wokhumudwa angayankhe mwaulemu, ndipo wokonda angayankhe mopsa mtima. Yang'anani ngati akukupatsanibe ntchito. Akakuimbirani kufunsa za tsiku lotenga mbuzi, akakuitanani ku zokambirana, mlongo wanu akakutumirani mwana kudzabwereka mphika waukulu, dziwani kuti chibale chili moyo. Koma mukaona kuti misonkhano ikuchitika inu osauzidwa, moni wafupika, khadi silinafike, pamenepo pali bala, ndipo musalisiye kuti lipole lokha. Musabwezere kukhala chete ndi kukhala chete. Nyamukani mupite kwa mlongo wanu, kapena mupemphe wamkulu wa banja amene onse amam'lemekeza kuti akuperekezeni. Ndipo popita musanyamule ndalama yogulira mtendere, nyamulani chomwe munalonjeza chija. Chibale ndi fupa, sichiola, koma chimafuna kuyenderedwa.

Ndipo pa tsiku la ukwati mupite. Izi ndikuzinena motsindika, pakuti ndi pano pamene ambiri amagwa atayenda bwino ulendo wonse: manyazi amawagwira, nati, "Ndikaonekera bwanji ine amene ndinapereka zochepa?" nakhala kunyumba. Mpando wa malume ukakhala wopanda munthu, akuchikazi amafunsa, ndipo mkwati amasowa choyankha. Chilonda chimenecho ndi chachikulu kuposa ndalama imene inaperewera. Valani bwino, fikani msanga, khalani pamene akuikani, vinani ikafika nthawi yanu, ndipo kandalama kochepa koponya m'mbale mukhale mutakasungiratu.

Mawu awiri kwa inu a m'makomiti, pakuti nanunso mukumvera. Munthu akakuuzani msanga kuti sangathe, wakuthandizani. Lembani chimene wapereka, muchepetse ndondomeko yanu molingana ndi ndalama imene ili m'manja, osati imene ili m'malonjezo. Ndipo mwambo wowerenga mayina ndi ziwerengero pamaso pa gulu, kapena kuika mndandanda wa osalipira pa foni kuti onse aone, muuganizirenso, pakuti ndiwo umene umakakamiza anthu osauka kulonjeza zabodza.

Nthawi yathu yatha, koma ndikusiyirani ntchito ya usiku uno. Ngati m'nyumba mwanu muli khadi kapena uthenga umene mwakhala mukuuzemba, khalani pansi awiri musanagone, musandutse chiwerengerocho kukhala matumba a chimanga kapena masiku a malipiro anu, ndipo mufunsane: tingathe zingati popanda kukongola, ndani ayenera kumva poyamba, ndipo timuuza tsiku liti? Sabata yamawa, pa nthawi yonga yomwe ino, tidzatembenukira ku mbali inayo, ya mmene banja lingapemphere thandizo la ukwati popanda kuika chiwerengero pa dzina la munthu asanafunsidwe.